Kutchula nduna, kazembe kapena mkulu wa kampani m'kalata ya Chifalansa

Mwezi sutha osalandira uthenga wakuti: "Aphunzitsi, tandiwonerani kalatayi, ikupita kwa bwana wina ku Lubumbashi," kapena ku Paris, kapena ku Antananarivo. Ndikaiwerenga ndimapeza kuti thunthu la kalatayo lili bwino ndithu, nkhani yamveka, mitengo ya katundu yalembedwa bwino. Polakwika ndi pamodzimodzi nthawi zonse: mzere woyamba wopereka malonje ndi chiganizo chomaliza chotsanzikira. Tsono mizere iwiriyi ndi imene mlembi wa bwanayo amayamba kuyang'ana asanaganize zoipititsa kalatayo patebulo la abwana ake. Ndiye ndati ndilembe kamodzi zonse zimene ndimayankha, kuti wofunsa mawa ndizingomulozera pano.

Mfundo yaikulu ndi imodzi, ndipo ife Achewa sitiyenera kuvutika nayo. Kwathu munthu wamkulu sitimuponyera dzina kumaso. Timati "a mfumu," "a busa," "bambo a ujeni," kapena timamutchula ndi mfunda wake. Chifalansa cha m'makalata chimayendanso chomwecho: udindo wa munthu umalowa m'malo mwa dzina lake. Chimene chimatisokoneza ndi chizolowezi cha kusukulu cholemba malonje ndi dzina la bambo a munthuyo. Chizolowezi chimenecho chisiyeni pakhomo.

1. Yambani ndi kufufuza udindo weniweni, osati womasulira nokha

Musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, pezani mmene munthuyo amalembera udindo wake m'Chifalansa. Yang'anani pansi pa siginecha yake m'kalata imene anakulemberanipo, pa khadi lake, pa chidindo, kapena pa tsamba la kampani. Zikakanika, imbirani mlembi wake foni n'kufunsa. Palibe mlembi amene amakwiya ndi funso limenelo.

Ndikulimbikira apa chifukwa maudindo a m'makampani sagwirizana ndi amene tinazolowera. Amene ife timati "dayilekitala" wokhala m'bodi ya kampani, m'Chifalansa ndi administrateur. Liwu lakuti directeur limatanthauza munthu wolembedwa ntchito yoyendetsa kampani kapena nthambi yake, monga directeur commercial, mkulu wa zamalonda. Mukamasulira mongotengera kumveka kwa mawu, mungatsitse membala wa bodi n'kumusandutsa mkulu wa nthambi.

Zilembo zimene zili kumapeto kwa dzina la kampani zimakuthandizani kulota udindo wa mkulu wake. Kampani ikakhala SARL, woiyendetsa amatchedwa gérant, wamkazi gérante. Ikakhala SAS, mkulu wake ndi président. Ikakhala SA, nthawi zambiri pamakhala anthu awiri: wapampando wa bodi, président du conseil d'administration, amene ku Kongo ndi maiko ena a mu Afirika amangomudula kuti PCA, ndi woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku, directeur général, kapena kuti DG. Munthu mmodzi akanyamula maudindo onse awiri ndiye président-directeur général, PDG uja mumamumva. Ku Beljiyamu mudzakumananso ndi administrateur délégué, amene ndi mkulu woyendetsa kampani. Izi n'zongokulozerani njira. Chimene munthuyo walemba yekha pansi pa siginecha ndicho chimapambana.

2. Tsimikizani ngati ndi bambo kapena mayi

Zikumveka zazing'ono, koma tikumbuke kuti Chichewa chathu sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi m'galamala, choncho diso lathu silinazolowere kuyang'ana zimenezi. M'Chifalansa chilichonse chimatsata pamenepo: Monsieur kapena Madame, le kapena la, directeur kapena directrice.

Maina ena amanyenga. Dominique, Claude ndi Camille ndi a amuna ndi akazi omwe. Jean-Marie ndi dzina la mwamuna ngakhale muli Marie. Ena amasiyana ndi zilembo zochepa chabe: René ndi bambo, Renée ndi mayi, Pascal ndi Pascale, Michel ndi Michèle, Frédéric ndi Frédérique chimodzimodzi. Ndinalandirapo kalata itapita kale, yolembedwa Madame kwa bambo wina wa Jean-Marie. Yankho linabwera ndithu, koma linali lozizira, ndipo wolembayo anachita kupepesa pafoni.

Dziwaninso kuti olankhula Chifalansa amakonda kulemba dzina la banja lonse m'zilembo zazikulu, ndipo nthawi zina amaliika patsogolo. Ku Kongo anthu ambiri ali ndi maina atatu: nom, postnom ndi prénom. Musadule limodzi, ndipo musasinthe ndondomeko yake. Koperani mmene mwiniwake walembera.

Liwu lakuti Mademoiselle lichotseni m'mutu. Boma la Falansa linalamula m'chaka cha 2012 kuti lichoke m'mafomu a boma, ndipo m'kalata ya ntchito mayi aliyense ndi Madame, wokwatiwa kapena ayi.

3. Pa envelopu ndi pa keyala ndi pamene dzina limakhala

Dzina la munthu lili ndi malo ake: pa envelopu ndi pa keyala ya wolandira, imene m'kalata ya Chifalansa imakhala chakumanja, m'munsi pang'ono mwa keyala yanu. Apa mumalemba zonse, dzina ndi udindo wathunthu:

```
Madame [Prénom NOM]
Directrice générale
[Société] SA
```

Monsieur ndi Madame alembeni athunthu. Chidule chimaloledwa pokhapokha mukunena za munthu wina amene si wolandira kalatayo, ndipo chidule cha Monsieur ndi M. chokhala ndi mpumiro, osati Mr. Cha Madame ndi Mme, chopanda mpumiro. Abambo angapo ndi MM., amayi angapo Mmes.

Kalata ikamapita ku kampani koma mukufuna ifike kwa munthu wakutiwakuti, lembani À l'attention de. Samalani, pali mawu ena ofanana nawo, à l'intention de, amene amatanthauza kuchitira munthu chinthu, monga phwando lomukonzera. Pa envelopu n'ngolakwika. Ndipo ngati kalata yanu iyenera kudutsa m'manja mwa mkulu wina isanafike kwa mwini wake, monga zimakhalira m'maofesi a boma, pansi pa keyala mumalemba sous couvert de, kapena mwachidule s/c, kenaka udindo wa wodutsirapoyo.

4. Malonje: udindo wokha, popanda dzina

Mzere wa malonje Afalansa amautcha formule d'appel. Kapangidwe kake n'kosavuta: Monsieur le kapena Madame la, kenaka udindo, kenaka mpatuliro.

```
Monsieur le Ministre,
Madame la Directrice générale,
Monsieur le Président,
Monsieur l'Ambassadeur,
```

Onani zinthu zitatu. Choyamba, dzina mulibe. Monsieur le Directeur wotsatana ndi dzina la munthu n'Chifalansa chopunduka. Chachiwiri, udindo wafupikitsidwa: nduna ya zaulimi simuilonjera ndi unduna wake wonse, mumangoti Monsieur le Ministre, za ulimizo zakhala kale pa keyala. Chachitatu, liwu loyamba la udindo limayamba ndi chilembo chachikulu, koma mfotokozi wotsatira amakhala ndi chaching'ono: Directeur général, Secrétaire général. Nduna yaikulu ya boma ndi Monsieur le Premier ministre, P wamkulu, m wamng'ono.

Liwu lakuti Cher musalithamangire. Sililingana ndi Dear, liwu lija timayambira nalo kalata iliyonse ya Chingerezi ngakhale kwa mlendo. Cher Monsieur mumalembera munthu amene mwadziwana naye kale, mwakumanapo kangapo, ndipo bwino ayambe ndi iye ngati ali wamkulu kwa inu. Nduna simuilembera Cher pakalata yoyamba.

Pali chizolowezi china chokoma chimene mabuku ambiri ophunzitsira satchula: polonjera, munthu mumamukweza, simumutsitsa. Wachiwiri kwa mkulu, directeur adjoint, mumamulonjera kuti Monsieur le Directeur. Adjoint uja amatsala pa envelopu. Ku Falansa, ministre délégué ndi secrétaire d'État onse amalonjeredwa kuti Monsieur le Ministre kapena Madame la Ministre. Wogwirizira udindo mongoyembekezera, amene udindo wake umatsatana ndi par intérim, mumamulonjera ndi udindowo popanda par intérim. Ndipo amene anakhalapo nduna kapena pulezidenti amaupitiriza ulemuwo ngakhale atachoka pampando. PDG mungamulonjere kuti Monsieur le Président-Directeur général, koma Monsieur le Président yekha amakwanira.

Maudindo ochepa amaima okha popanda Monsieur. Loya ndi notaire, amene ndi mkulu wotsimikiza zikalata za malamulo, ndi Maître, mwamuna kaya mkazi. Dokotala wa kuchipatala ndi Docteur. Ku Falansa munthu wa digiri ya udokotala wa maphunziro ena kawirikawiri salonjeredwa kuti Docteur, pamene mu Afirika muno ambiri amaufuna ulemu umenewo. Mukaona wadzilembera yekha Dr kapena Pr, ikani pa keyala. Nduna ya zachilungamo ku Falansa ili ndi dzina lake lakale, Garde des Sceaux, kutanthauza wosunga zidindo za boma, ndipo imalonjeredwa kuti Monsieur le Garde des Sceaux.

Ngati simukudziwa konse amene adzatsegule kalatayo, lembani Madame, Monsieur, basi.

5. Udindo wa mayi: la kapena le?

Apa pakhala mkangano wa zaka zambiri, ndipo muyenera kuudziwa kuti musadabwe ndi zimene mudzaone. Kale maudindo akuluakulu ankalembedwa m'chimuna ngakhale wokhalapo ali mayi: Madame le Ministre, Madame le Directeur. Liwu lakuti ambassadrice linkatanthauza mkazi wa kazembe, ndipo préfète mkazi wa préfet, woimira boma m'chigawo. Ku Quebec, chigawo cha ku Canada cholankhula Chifalansa, anayamba kusintha mu 1979. Boma la Falansa linatulutsa malangizo olimbikitsa maudindo achikazi mu 1986 ndi mu 1998, koma bungwe loyang'anira chiyankhulochi, Académie française, linavomereza mu Febuluwale 2019. Kuti muone kuti nkhaniyi si yamasewera: mu 2014 phungu Julien Aubert anapatsidwa chilango chodulidwa gawo la malipiro ake m'nyumba ya malamulo ya Falansa chifukwa choumirira kutchula Sandrine Mazetier, amene ankatsogolera zokambirana, kuti Madame le président.

Langizo langa: lembani m'chikazi. Madame la Ministre, Madame la Directrice générale, Madame la Présidente, Madame la Députée, Madame l'Ambassadrice. Koma alipo amayi amene amakondabe mtundu wakale. Malemu Hélène Carrère d'Encausse, amene anatsogolera Académie française, ankafuna kutchedwa Madame le Secrétaire perpétuel. Ndiye mukaona mayi akusayina kuti Le Directeur général kapena Ambassadeur, mutsateni. Si ntchito yanu kumuwongolera galamala m'kalata yopempha bizinesi.

6. Excellence ndi Honorable: zimatengera dziko

Ku Falansa nzika yolembera nduna yake siigwiritsa ntchito Excellence. Liwuli limasungidwira makamaka akazembe ndi akuluakulu a maiko ena, ndipo malo ake ndi pa envelopu: Son Excellence Monsieur, dzina, kenaka Ambassadeur de France kapena dziko lina. M'kati mwa kalata mumangoti Monsieur l'Ambassadeur.

Ku Kongo ndi maiko ambiri a mu Afirika olankhula Chifalansa zinthu n'zosiyana, ndipo n'zofananako ndi "Olemekezeka" athu. Kumeneko malonje a nduna kapena bwanamkubwa wa chigawo ndi Excellence Monsieur le Ministre, Excellence Monsieur le Gouverneur, ndipo mukasiya Excellence kalata yanu imaoneka youma. Phungu ku Kongo ndi Honorable. Phungu wa ku Falansa mukamulembera Honorable adzadabwa; iye ndi Monsieur le Député. Mkulu wa kampani, ngakhale yaikulu chotani, si Excellence kulikonse.

Chenjezo limodzi: Son Excellence ndi ponena za munthuyo, monga pa envelopu. Polankhula naye mwachindunji ndi Excellence yekha, kapena Votre Excellence m'kati mwa chiganizo. Votre Excellence ameneyu amakoka mneni wa munthu wachitatu ndi mlowam'malo wachikazi ngakhale nduna ili bambo, ndipo ambiri amagwa pamenepa. Ngati simuli kazembe, ingolonjerani ndi Excellence, kenaka pitirizani ndi vous.

Vous ameneyu ndi "inu" wathu waulemu, koma samalani kusiyana kumodzi. Ife tikalemekeza timachulukitsa zonse: "abwana afika, ndi okondwa." M'Chifalansa mneni yekha ndiye amachuluka, mfotokozi amakhalabe wa munthu mmodzi: vous êtes invité kwa bambo, vous êtes invitée kwa mayi, popanda s kumapeto.

7. Chiganizo chotsanzikira: apa ndiye pagona nkhani

Afalansa amachitcha formule de politesse. Ambiri amangokopera chilichonse chimene achipeza, osadziwa kuti chiganizochi chimanena poyera mmene mukudziyikira pamaso pa wolandira: pansi pake, pofanana naye, kapena pamwamba pake. Zili ngati kulowa pabwalo la mfumu. Pali woti agwade, pali woti awombe m'manja ali chiimire, ndipo wosokoneza ziwirizi anthu amamuona.

Chiganizochi chili ndi zidutswa zinayi, ndipo mukazidziwa mukhoza kuchimanga nokha.

Chidutswa choyamba ndi pempho. Je vous prie d'agréer ndiko kuti "ndikukupemphani mulandire mokoma mtima." Veuillez agréer ndi laulemunso, koma m'galamala ndi lamulo, choncho kwa munthu wamkulu kwa inu sankhani Je vous prie. Mneni agréer amampatsa wolandira ufulu wovomera kapena kukana, n'chifukwa chake amakwera m'mwamba. Recevoir, kulandira chabe, ndi wa anthu ofanana kapena wamkulu polembera wamng'ono.

Chachiwiri ndi malonje aja, obwerezedwa ndendende, pakati pa mipatuliro iwiri. Ngati munayamba ndi Madame la Directrice générale, pomalizanso ndi Madame la Directrice générale, osati Madame yekha. Ngati munayamba ndi Excellence Monsieur le Ministre, abwerenso onse. Cholakwa chimene ndimachipeza kwambiri chimachokera pokopera kalata yakale: pamwamba asintha n'kulemba Madame, pansi pakadali Monsieur le Directeur wa chaka chatha.

Chachitatu ndi l'expression de kapena l'assurance de. Mwambo wake ndi wakuti wamng'ono "amaonetsa" ulemu wake, expression, pamene wamkulu "amatsimikizira" wamng'ono kuti amamulemekeza, assurance. Akazembe amalemberana les assurances de ma haute considération, ndipo nduna ikakuyankhani mwina idzagwiritsa ntchito assurance. Musabweze ndi liwu lomwelo poganiza kuti mukutsanzira zabwino. Inu wopempha khalani pa expression.

Chachinayi ndi mulingo wa ulemuwo, ndipo uli ndi makwerero. Kwa mtsogoleri wa dziko ndi nduna yaikulu: ma très haute considération. Kwa nduna ndi kazembe: ma haute considération, ngakhale ena amawonjezera très kwa nduna ndipo palibe amawadzudzula. Kwa mkulu wa kampani, mkulu wa nthambi ya boma kapena meya: ma considération distinguée. Kwa munthu amene mumachita naye malonda mofanana: mes salutations distinguées. Pa lomalizali odziwa chiyankhulo amasiya l'expression de, chifukwa amati munthu amaonetsa maganizo kapena ulemu, koma moni amangoupereka: Je vous prie d'agréer, Monsieur, mes salutations distinguées.

Musakwere mopitirira. Très haute considération kwa gérant wa kampani ya anthu khumi imamveka ngati simukudziwa zimene mukulemba, kapena ngati mukumunyengerera.

Liwu lakuti sentiments, maganizo a mumtima, ndimalangiza ophunzira anga kulipewa. Mwambo wakale umati mayi salembera bambo sentiments, ndipo bambo polembera mayi ankagwiritsa ntchito hommages. Achinyamata ambiri sakusamalanso zimenezi, koma simudziwa msinkhu wa wowerenga wanu, pamene considération sililakwa kwa wina aliyense. M'makalata a boma a ku Kongo mudzaonanso sentiments patriotiques. Amenewo ndi a eni dziko polemberana okhaokha, mlendo asawakopere.

Msampha womaliza uli poyambira chiganizo. Anthu amakonda kuyamba ndi Dans l'attente de votre réponse, "podikira yankho lanu." Wodikirayo ndinu, ndiye mneni wotsatira akhale wanu: je vous prie. Mukalemba Dans l'attente de votre réponse, veuillez agréer, galamala ikunena kuti wolandira kalata ndiye akudikira yankho lake lomwe. Afalansa enieni amalakwitsa pamenepa, koma mlembi wa nduna amaona. Ndiponso kwa nduna ndi bwino kusatchula n'komwe zodikira yankho, chifukwa zimamveka ngati mukuifulumizitsa.

8. Chitsanzo chathunthu

Tiyerekeze kuti muli ndi kampani yogulitsa ufa wa soya ku Lilongwe kapena ku Chipata, ndipo mukufuna kutumiza katundu ku Lubumbashi kudzera pa chipata cha Kasumbalesa. Mukulembera mkulu wa kampani yogula. Pa chikalata chawo mwaona zilembo SA, ndipo pansi pa imelo ya mkuluyo palembedwa La Directrice Générale. Mwadziwa zitatu: ndi mayi, amalemba udindo wake m'chikazi, ndipo si wapampando wa bodi. Kalata idzaoneka chonchi:

```
Lilongwe, le 14 mars 2025

Objet : offre de farine de soja

Madame la Directrice générale,

J'ai l'honneur de vous soumettre notre offre...

Je vous prie d'agréer, Madame la Directrice générale,
l'expression de ma considération distinguée.
```

Onani kuti tsiku limayamba ndi malo amene mukulembera, kenaka le, ndipo mwezi uli ndi chilembo chaching'ono. Objet ndi mutu wa kalata. Ku Kongo ndi ku Beljiyamu mudzaona ambiri akulemba Concerne m'malo mwake, ndipo onse ndi olondola. J'ai l'honneur de, "ndili ndi ulemu wa," ndi khomo lachizolowezi la kalata ya ku ofesi. Likhale kamodzi, poyamba pokha.

Tsopano mayiyo wakuuzani kuti mulembenso kwa nduna ya m'chigawo cha Haut-Katanga yoona zamalonda, kupempha kuti mukaonane nayo. Nkhani ndi yomweyo, koma zinthu zinayi zikusintha. Pa envelopu: À Son Excellence Monsieur le Ministre provincial, kenaka dzina lonse la unduna wake monga lilili pa zikalata zawo, chifukwa unduna umodzi umatha kuphatikiza nthambi zingapo ndipo maina amasintha boma likasintha. Malonje: Excellence Monsieur le Ministre. Khomo: J'ai l'honneur de solliciter de votre haute bienveillance une audience, kutanthauza kuti mukupempha, mwa kukoma mtima kwawo, mpata wokumana nawo. Potsanzika:

```
Je vous prie d'agréer, Excellence Monsieur le Ministre,
l'expression de ma haute considération.
```

Kalata yomweyo ikanakhala yopita kwa nduna ku Paris, mukanangochotsa Excellence pa malonje ndi potsanzika, komanso provincial pa envelopu, zina zonse n'kukhala momwemo.

Pansi pake siyani malo a siginecha, kenaka dzina lanu ndi udindo wanu. Inu eni musadzilembe Monsieur kapena Madame kutsogolo kwa dzina lanu. Ulemu umenewo amakupatsani ndi ena. Koma popeza maina athu ngati Chikondi, Chisomo kapena Mphatso sauza wowerenga ngati ndinu bambo kapena mayi, muthandizeni ndi udindo wanu: Directeur kapena Directrice, Gérant kapena Gérante. Mukatero mwamupulumutsa ku vuto lomwe inu munali nalo pa sitepe yachiwiri.

9. Nanga pa imelo?

Imelo yoyamba kwa munthu wamkulu imatsata malamulo onse a kalata: malonje ndi udindo, chiganizo chotsanzikira chathunthu. Kwa nduna kapena kazembe, chabwino n'kulemba kalata yeniyeni pa pepala la kampani yanu, kuisayina, kuijambula, n'kuitumiza ngati chomata, imeloyo n'kungokhala mizere iwiri yonena kuti kalata ili m'menemo.

Akakuyankhani, yang'anani mmene iwo alembera. Mkulu wa kampani akayamba ndi Bonjour Monsieur n'kumaliza ndi Cordialement, mukhoza kutsika nawo pang'ono: Bonjour Madame pamwamba, Bien cordialement kapena Respectueusement pansi. Wamkulu ndiye amayamba kumasula chingwe, inu mumatsatira m'mbuyo ndi phazi limodzi. Cdlt, chidule cha Cordialement chimene mudzachione m'maimelo a anthu a m'maofesi musachitumize kwa bwana. Ndipo ngakhale mwalemberana kwa chaka, tu asalowe m'malo mwa vous pokhapokha iwo atanena okha kuti muzitero.

Musanatumize, werengani malo atatu motsatizana, mokweza mawu: keyala, malonje, ndi chiganizo chotsanzikira. Pa keyala pakhale dzina ndi udindo wonse, pa malonje udindo wokha, ndipo mawu a pa malonjewo apezekenso pansi osasintha ngakhale chilembo. Yang'ananinso tizizindikiro ta pamwamba pa zilembo: générale ali ndi tiwiri, agréer kamodzi pa e woyamba, considération kamodzi, ndipo distinguée amatha ndi é wotsatana ndi e chifukwa considération ndi liwu lachikazi.